Msonkhano wa S&OP: momwe fakitale imakonzekerera malonda a Disembala mu Ogasiti

Chaka chilichonse Khirisimasi ikamayandikira timamva madandaulo omwewo. Mafuta ophikira asowa ku Mzuzu pomwe ku Limbe ali mbwee. Chakumwa chomwe anthu amachikonda chatha m'magolosale sabata yomwe chikufunika kwambiri, kenaka n'kudzadzaza mashelefu mu Januwale anthu atatha ndalama. Ambiri amafulumira kunena kuti amalonda akubisa katundu kuti akweze mitengo. Nthawi zina zimatero ndithu. Koma kawirikawiri nkhani imakhala itayambira miyezi itatu kapena inayi m'mbuyomo, mkati mwa kampani yopanga katunduyo, pomwe ogulitsa, opanga ndi onyamula aliyense anali ndi nambala yakeyake.

Pofuna kuthana ndi vutoli makampani ambiri amachita msonkhano wa mwezi ndi mwezi womwe pa zikalata ndi pa zotsatsa ntchito umalembedwa kuti S&OP. Ndi chidule cha mawu a Chingelezi otanthauza kukonzera pamodzi dongosolo la malonda ndi la kagwiridwe ka ntchito. Njirayi inakhazikika m'zaka za m'ma 1980 ku Amereka, ndipo amene amatchulidwa kwambiri kuti anaiyambitsa ndi Richard Ling, mlangizi wa mafakitale. Lero ikugwiritsidwa ntchito m'makampani a zakudya, zakumwa, simenti, feteleza ndi ena otero padziko lonse.

Kodi S&OP n'chiyani kwenikweni?

Aliyense amene anakhalapo m'komiti ya ukwati akudziwa kale mutu wa nkhaniyi. Olemba makadi akuti kubwera anthu 500, ophika agula mpunga wa anthu 300, a zamayendedwe apeza basi imodzi, ndipo msungichuma sanauzidwe chilichonse. Aliyense wagwira ntchito yake mokhulupirika, koma tsiku la ukwati kukhala manyazi. Komiti yabwino imakhala pansi nthawi ilipo n'kugwirizana nambala imodzi ya alendo, kenaka aliyense n'kunena ngati mbali yake ingakwanitse nambalayo.

M'kampani zimayendanso choncho. A zamalonda amabwera ndi chiyerekezo cha malonda, kutanthauza kuchuluka kwa katundu yemwe akuganiza kuti makasitomala adzagula mwezi uliwonse kutsogoloku. A kufakitale amanena kuchuluka kwa zomwe makina ndi antchito angapange. Ogula zipangizo amanena zomwe zili m'njira ndi tsiku lomwe zidzafike. A zamayendedwe amanena maulendo omwe mathiraki angayende. A zachuma amawerengera ndalama zomwe dongosololi lidye ndi zomwe libweretse. Pomaliza bwana wamkulu amavomereza dongosolo limodzi lomwe onse atsatire.

Zinthu ziwiri zimasiyanitsa msonkhanowu ndi misonkhano ina ya pantchito. Choyamba, sukamba za sabata ino. Umayang'ana kutali, nthawi zambiri miyezi 18 mpaka 24, ngakhale makampani ang'onoang'ono amakhutira ndi miyezi 12. Chachiwiri, sukamba za katundu mmodzimmodzi. Botolo la lita imodzi, la malita awiri ndi la malita asanu onse amaikidwa m'gulu limodzi la mafuta a m'mabotolo, ndipo amawerengedwa ndi muyeso umodzi, monga matani. Kampani ikhoza kukhala ndi mitundu ya katundu mazana angapo, koma pamsonkhanowu imakamba za magulu ochepa chabe, mwina 6 mpaka 12. Mukayamba kukangana za botolo lililonse, dzuwa limalowa musanafike pa funso lenileni.

Momwe mwezi umayendera

Msonkhano wa mabwana ndi mapeto chabe a ntchito yomwe imatenga mwezi wonse. Masiku oyambirira a mwezi amakhala osonkhanitsa manambala a mwezi wathawo: zomwe zagulitsidwa, zomwe zapangidwa, zomwe zatsala mosungiramo katundu ndi maoda omwe sanaperekedwe. Kenaka a zamalonda amakonzanso chiyerekezo chawo. Lamulo lofunika pano ndi lakuti alembe zomwe msika ukufuna, osayamba aganizira ngati fakitale ingakwanitse. Akangoyamba kudzichepetsera okha ponena kuti "makina athu aja sangafike pamenepo", kampani sidzadziwa kuti ikutaya malonda ochuluka bwanji.

Chiyerekezocho chikatuluka chimapita kwa opanga, ogula zipangizo ndi a zamayendedwe, omwe amachiyesa pa malo ochepa okha omwe amadziwika kuti ndi othina: makina othira m'mabotolo, malo osungiramo katundu, mathiraki, ndi zipangizo zochokera kunja. Pambuyo pake pamakhala msonkhano wa mamanejala, omwe amathetsa okha zomwe angathe ndi kukonza njira ziwiri kapena zitatu pa zomwe zawakanika. Zimenezi ndi zomwe zimapita kwa bwana wamkulu, m'msonkhano wa ola limodzi kapena awiri.

Masamu ake si ovuta. Katundu wotsala kumapeto kwa mwezi ndi yemwe munayamba naye, kuphatikiza yemwe mwapanga, kuchotsera yemwe mwagulitsa. Wotsalayo ndiye woyambira mwezi wotsatira. Makampani ambiri amachita zonsezi mu Excel, ndipo ngati woyambira ali mu B2, wopangidwa mu B3, wogulitsidwa mu B4, ndiye kuti mumalemba:

```
=B2+B3-B4
```

Chovuta ndi kupeza manambala oona oti alowe m'mabokosi atatuwo, ndi kugwirizana chochita akakana kulumikizana.

Chitsanzo: mafuta ophikira a Khirisimasi

Tiyeni tiyerekeze fakitale yoyenga ndi kuthira mafuta ophikira m'mabotolo mu Blantyre. Manambalawa ndi ongopeka kuti tione kayendedwe kake. Tili pamsonkhano wa mu Ogasiti.

A zamalonda akuti mu Okutobala adzagulitsa matani 900, mu Novembala 1,000, mu Disembala 1,400, kenaka mu Januwale atsike kufika pa 800. Fakitale imapanga matani 44 patsiku, ndipo pa masiku 25 ogwira ntchito imatulutsa matani 1,100 pamwezi. Pa 1 Okutobala mosungiramo katundu mudzakhala matani 300, ndipo kampani inagwirizana kale kuti isamatsike pansi pa 300 kuopa zadzidzidzi.

Vuto likuoneka msanga. Disembala akufuna 1,400 koma makina amathera pa 1,100. Ngati fakitale ingamapange mwezi uliwonse zongokwanira malonda a mwezi umenewo, mu Disembala idzaperewera ndi matani 300. Njira yodziwikiratu ndi kupangiratu. Makina akayenda mokwanira kuyambira Okutobala, mwezi umenewo utha ndi matani 500 osungidwa, Novembala atha ndi 600, ndipo Disembala akadya 300 owonjezera aja, chaka chitha ndi matani 300 ndendende. Papepala nkhani yatha.

Apa ndi pomwe phindu lokhala m'chipinda chimodzi limaonekera. Mkulu wa fakitale akukumbutsa kuti Disembala alibe masiku 25. Pali tchuthi cha pa 25 ndi pa 26, pali masiku owerenga katundu kumapeto kwa chaka, ndiponso makina othira m'mabotolo amafunika kukonzedwa. Masiku enieni ndi 22, omwe akupereka matani 968. Ndiye kuti chaka chitha ndi matani 168 okha, kuperewera ndi 132 pa mlingo womwe anagwirizana.

Woyang'anira nyumba yosungiramo katundu nayenso ali ndi yake. Nyumbayo imalowa matani 550 basi. Matani 600 a kumapeto kwa Novembala alibe pokhala, ndipo makatoni a mafuta sungawaunjike panja mvula itayamba, kapena kuwasanjikiza mopitirira muyeso chifukwa apansi amaphwanyika ndipo mabotolo amachucha.

Mathiraki sawerengedwa ndi matani okha

Mbali ya mayendedwe ndi yomwe imaiwalika kwambiri, ndipo m'maganizo mwanga ndi yomwe imafunika kuimvetsa bwino kwa ife a dziko lalitali ngati Malawi, komwe mafakitale ambiri ali ku Blantyre ndi Lilongwe pomwe ogula ali mpaka ku Karonga ndi Chitipa.

Tinene kuti thiraki imodzi imanyamula matani 28 a mafuta. Matani 1,400 a Disembala ndi maulendo 50. Kampani ili ndi mathiraki anayi. Munthu wongoyang'ana pamwamba anganene kuti maulendo 50 pa mathiraki anayi ndi maulendo 12 kapena 13 pa thiraki iliyonse, zomwe zikuoneka zotheka pamwezi. Koma maulendo si ofanana. Wa m'chigawo cha kummwera umatenga tsiku limodzi kupita ndi kubwera. Wa ku Lilongwe, mtunda wopitirira pang'ono makilomita 300, umatenga masiku awiri mukaphatikiza kupakira ndi kutsitsa. Wa ku Mzuzu umadya masiku anayi. Choncho muyeso woyenera ndi masiku omwe thiraki imakhala itagwidwa ndi ulendo.

Ngati maulendo 20 ndi a kummwera, 20 a pakati ndipo 10 a kumpoto, masiku ofunika ndi 20, kuphatikiza 40, kuphatikizanso 40, onse pamodzi 100. Mathiraki anayi pa masiku 22 akupereka masiku 88. Akuperewera masiku 12, omwe ndi maulendo atatu a ku Mzuzu, matani 84. Ndipo zikathina chonchi, wokonza maulendo amayamba wadula ulendo wautali chifukwa thiraki imodzi yopita kumpoto ikanatha kuperekera makasitomala anayi a pafupi. Umu ndi momwe mafuta amasowera ku Mzuzu ali ochuluka ku Limbe, popanda munthu aliyense kubisa botolo ngakhale limodzi.

Wina anganene kuti tingobwereka mathiraki a ena. N'zotheka, koma miyezi imeneyi ndi yomwe feteleza ndi mbewu zikuthamangitsidwa kupita kwa alimi mvula isanakhazikike, ndipo makampani ena onse akutumizanso katundu wa Khirisimasi. Thiraki yoifuna mawa imapezeka pamtengo wokwera, kapena osapezeka n'komwe. Yoipangana mu Ogasiti imakhala ina.

Msonkhano ukayang'ana Novembala ukupeza mpata. Matani 1,000 ndi maulendo pafupifupi 36, omwe akudya masiku 72 mwa masiku 100 omwe mathiraki anayi ali nawo mwezi umenewo. Pali masiku 28 omwe mathiraki akanangokhala. Maulendo atatu a ku Mzuzu aja akayenda mu Novembala n'kukatula katundu kudepoti ya kumeneko, Disembala atsala ndi masiku 88 omwe mathiraki angakwanitse. Komanso matani 84 akachoka mu Blantyre, nyumba yosungiramo katundu itsala ndi 516, pansi pa malire a 550 aja. Chigamulo chimodzi chathetsa mavuto awiri. Wa zamayendedwe payekha sakanachiona, chifukwa sankadziwa kuti katundu wa Disembala adzakhala atapangidwa kale mu Novembala. Wosunga katundu payekha akanapempha ndalama zochitira lendi nyumba ina.

Dziwani kuti dongosololi lilibe mpata ngakhale wa tsiku limodzi. Thiraki imodzi ikangofa pa Zalewa, manambala asokonekera. Woyang'anira mayendedwe wodziwa ntchito yake anganene zimenezi poyera, n'kupempha kuti atumize maulendo asanu mu Novembala m'malo mwa atatu, ngati depoti ya ku Mzuzu ili ndi malo.

Zomwe zimafika pa tebulo la bwana wamkulu

Kwatsala matani 132 aja. Pano mamanejala sangagamule okha, chifukwa njira iliyonse ili ndi mtengo womwe ukugwera dipatimenti ina. Fakitale ikhoza kugwira ntchito Lamulungu katatu, zomwe zikupereka matani 132 ndendende, koma pafunika ovataimu komanso antchito avomere. Kampani ikhoza kulola kuti katundu wosungidwa atsike kufika pa 168, podalira kuti Januwale malonda amazizira ndipo makina adzabwezeretsa msanga, koma ngati malonda a Disembala apitirira chiyerekezo, mashelefu adzakhala opanda kanthu. Ikhozanso kuimika kutsitsa mitengo komwe a zamalonda anakonzera Khirisimasi, kuti ofuna katundu achepeko. Palibe njira yolondola kwa kampani iliyonse nthawi zonse. Yomwe ikulimbana ndi opikisana nayo pamsika ingasankhe ovataimu, pomwe yomwe ili ndi ngongole kubanki ingasankhe kuchepetsa zosunga.

A zachuma nawo ali ndi funso lawo, ndipo si laling'ono. Kupangiratu kukutanthauza kuti matani 300 owonjezera akhala mosungiramo katundu kwa masabata angapo, ndalama zitalowa kale koma zisanabwerere. Ngati ndalamazo ndi zobwereka, chiwongoladzanja chikuwerengedwa tsiku ndi tsiku.

Ndipo pali chifukwa chomwe nkhani ya Disembala ikukambidwira mu Ogasiti. Kuti makina apange matani 1,100 mu Okutobala m'malo mwa 900, mafuta osayenga, mabotolo, zotsekera ndi makatoni ziyenera kukhala zitafika kale. Zomwe zimachokera kunja zimadzera pa madoko a Beira, Nacala kapena Dar es Salaam. Za ku Beira zimayenda pamsewu kudzera ku Tete n'kulowera pa chipata cha Mwanza, za ku Nacala zikhoza kubwera pa sitima ya pamtunda kudzera ku Nayuchi. Izi zisanachitike n'komwe, banki iyenera kupeza ndalama zakunja zolipirira, ndipo amalonda a kuno akudziwa kuti kudikira kumeneko kumatha kutalika kuposa ulendo wa panyanja. Kuyambira tsiku loitanitsa kufika tsiku lomwe katundu walowa pageti pamatha kupita miyezi iwiri kapena itatu. Msonkhano wa mu Novembala ungathe kusuntha mathiraki ndi mashifiti, koma sungabweretse zipangizo zomwe sizinaitanitsidwe.

Pachifukwa chimenechi makampani amagawa nthawi ya kutsogolo m'zigawo. Masabata apafupi, mwina anayi, amakhala otsekedwa, ndipo dongosolo silisinthidwa popanda chilolezo cha bwana wamkulu. Miyezi iwiri kapena itatu yotsatira mungasinthe mtundu wa botolo kapena dera lotumizako, koma kuchuluka konse kumamangidwa ndi zipangizo zomwe zili m'njira. Kupitirira pamenepo zonse n'zotseguka.

Chiyerekezo chikamanama

Chiyerekezo chilichonse chimaphonya, ndipo palibe amene amayembekezera kuti chilondole ndendende. Chomwe chimayang'anidwa ndi mbali yomwe chikuphonyera. Ngati mwezi uno chapitirira malonda enieni ndi matani 60, mwezi wamawa n'kuperewera ndi 50, imeneyo ndi mphepo ya msika, ndipo katundu wosungira zadzidzidzi alipo chifukwa cha zimenezi. Koma ngati miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi yotsatizana chiyerekezo chili pamwamba nthawi zonse, vuto lili mwa anthu ochikonza.

Chomwe chimachititsa kawirikawiri ndi kusokoneza chiyerekezo ndi tageti. Tageti ndi zomwe kampani ikulakalaka, chiyerekezo ndi zomwe ikuyembekezera moona mtima. Wogulitsa amene anakhumudwapo katundu atamuthera amakweza nambala dala kuti fakitale ipange zambiri. Amene bonasi yake imadalira kupitirira nambala amaitsitsa dala. A kufakitale akazindikira zimenezi amayamba kudula okha gawo lina la nambala iliyonse yochokera kwa ogulitsa, osauza munthu. Mukapeza kuti mkulu wa fakitale ali ndi fayilo yakeyake pakompyuta yomwe amaitsatira m'malo mwa yomwe inavomerezedwa pamsonkhano, dziwani kuti S&OP ya pamalopo yatsala dzina lokha.

Palinso msampha wina wobisika. Mabuku a kampani amalemba zomwe zagulitsidwa, salemba zomwe makasitomala anafuna n'kubwerera chimanjamanja. Ngati chaka chatha depoti ya ku Mzuzu inakhala masabata awiri yopanda mafuta, manambala a Disembala wa chaka chathacho akuonetsa ngati kumpoto anthu sagula kwambiri. Wokonza chiyerekezo akangokopera manambalawo, atumizanso zochepa, ndipo katundu adzathanso. Mankhwala ake ndi kulemba maoda onse omwe anakanidwa ndi masiku omwe katundu kunalibe, n'kuwabwezera m'mbiri ya malonda musanayerekezere za kutsogolo.

Mbali inanso, maoda a opikulitsa si chimodzimodzi ndi zomwe mabanja akudya. Mphekesera yakuti mitengo ikwera ikamveka, monga zimachitikira pakakhala nkhani ya kugwa kwa kwacha, yomwe mu Novembala 2023 inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, opikulitsa amaitanitsa katundu wa miyezi iwiri nthawi imodzi. Akaona kuti akupatsidwa theka la zomwe apempha, amayamba kupempha kawiri kuti alandire zomwe akufunadi. Fakitale ikakhulupirira maoda amenewa imawonjezera mashifiti ndi kuitanitsa zipangizo zambiri, kenaka maoda amazima mwadzidzidzi chifukwa mashopu adzaza. Funso lomwe woyendetsa msonkhano ayenera kufunsa maoda akakwera mosayembekezereka ndi lakuti, kodi katunduyu akutuluka m'mashopu kupita kwa anthu, kapena akungounjikana kwa opikulitsa? Ogulitsa omwe amayenda m'misika amatha kuyankha akangosuzumira m'nyumba zosungiramo katundu za makasitomala awo akuluakulu.

Zomwe msonkhanowu sungathe

S&OP siwonjezera makina kapena mathiraki, ndipo sipanga ndalama zakunja. Imangoonetsa kuperewera nthawi ikadalipo yochitapo kanthu. Namondwe wa Freddy atawononga misewu ndi milatho m'chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, panalibe dongosolo la mwezi ndi mwezi lomwe likanayendetsa thiraki pomwe msewu wakokoloka. Dizilo akasowa, masiku a thiraki omwe munawerengera amathera pamzere wa pamalo omwetsera mafuta. Zoterezi zimafuna misonkhano ya tsiku ndi tsiku kapena ya sabata ndi sabata, yomwe ndi ntchito ina. Chomwe S&OP ingachite ndi kukonzeratu mayankho a mafunso ngati awa: zipangizo zikachedwa ndi masabata atatu, ndi gulu liti la katundu lomwe tiyambe kuliimika, nanga katundu akachepa tigawa bwanji pakati pa zigawo zitatu?

Msonkhano weniweniwo umathanso kulowerera. Chizindikiro choyamba ndi pomwe nthawi yambiri ikuthera pa kufotokoza chifukwa chomwe mwezi watha zinalakwikira, kapena pa oda ya kasitomala mmodzi yomwe yachedwa dzulo. Chachiwiri ndi pomwe bwana wamkulu wayamba kutumiza womuimira yemwe alibe mphamvu yovomereza ovataimu kapena kubwereka mathiraki, kotero nkhani ya matani 132 ija imabwereranso mwezi wamawa, kenaka mwezi winawo, mpaka Disembala n'kufika. Choncho mlembi wa msonkhano amayenera kutuluka ndi tsamba limodzi lokhala ndi manambala ovomerezedwa a gulu lililonse mwezi ndi mwezi, zigamulo zomwe zapangidwa, dzina la wochita chilichonse ndi tsiku lake. M'chitsanzo chathu, tsambalo linganene kuti ogula zipangizo aitanitse za matani 1,100 pamwezi sabata yomweyo, a zamayendedwe atsimikize malo kudepoti ya ku Mzuzu usanathe mwezi, ndipo mkulu wa fakitale akambirane ndi antchito za masiku atatu a Lamulungu. Msonkhano wa mu Sepitembala umayamba ndi kuwerenga tsamba limeneli mzere ndi mzere, kenaka n'kuyang'ananso ngati matani 1,400 a Disembala akadali oona.